Kalembedwe ka Chidziwitso cha Ntchito Chokopa Anthu Oyenera

M'dera la Kasina, monganso m'madera ena a boma lino la Dedza, makomiti a sukulu, makopaletivi a alimi ndi eni zigayo amafuna antchito nthawi ndi nthawi. Kawirikawiri amalemba mizere itatu papepala, nkulikhoma pamtengo kapena pachitseko cha golosale. Pakapita sabata, makalata amabwera ochuluka, koma komiti ikawawerenga imapeza kuti oyenera ntchitoyo ndi mmodzi kapena palibiretu. Vuto limayambira pachidziwitso chomwecho. Chidziwitso chabwino chili ngati lichero: chimapeta anthu asanalembe nkomwe kalata, chifukwa wowerenga amadziyesa yekha ngati ntchitoyo angaithe.

Chitsanzo cha chidziwitso chozizira

Tiyerekeze kuti kopaletivi ya alimi a soya ndi nyemba kuno ku Kasina ikufuna kalaliki wa nyumba yosungiramo mbewu m'nyengo yokolola, ndipo yalemba motere:

"Pakufunika kalaliki. Akhale wa MSCE, wolimbikira ntchito ndi wokhulupirika. Malipiro tidzakambirana. Ofuna alembe kalata kwa wapampando msanga."

M'mawu amenewa mulibe bodza, koma mulibenso chothandiza munthu kusankha. Palibe amene amadziyesa waulesi kapena wosakhulupirika, choncho aliyense wa satifiketi alemba. Koma mayi amene wakhala zaka zitatu akusunga buku la banki mkhonde osasoweka ngakhale tambala salemba, pakuti sakudziwa ngati ntchitoyo ndi ya mwezi umodzi kapena ya chaka, ndiponso ngati malipiro ake angamulole kusiya dimba lake. Mawu akuti "msanga" sanena tsiku, ndipo ena amaganiza kuti munthu anasankhidwa kale, pepalalo nlongophimba anthu m'maso.

Fotokozani ntchito, osati khalidwe

Musanalembe, komiti ikhale pansi nkufunsana kuti: kodi munthuyu azichita chiyani kuyambira m'mawa kufikira madzulo? Mayankho ake ndiwo mtima wa chidziwitso. Kalaliki wathu aziyeza mbewu pasikelo, azilemba lisiti kwa mlimi aliyense, aziwerenga matumba madzulo, ndipo Loweruka azipereka lipoti kwa msungichuma. Ntchito zinayi kapena zisanu zotere nzokwanira. Amene amaopa masamu akangowerenga zimenezi amadzichotsa yekha, pamene wozolowera kulemba mabuku amaona kuti akuitanidwa ndi iyeyo.

Kenaka siyanitsani zofunika kwenikweni ndi zongowonjezera mwayi. Pachofunika chilichonse dzifunseni kuti: kodi wopanda chimenechi angalephere ntchitoyi? Kalaliki wosadziwa kuchulukitsa ndi kuchotsera angalepheredi, koma wopanda satifiketi ya MSCE amene wasungapo mabuku a gulu angathe bwino lomwe. Mukaika satifiketi ngati khomo lokhalo lolowera, mwatsekera kunja anthu aluso popanda phindu.

Nenani malipiro, maola ndi malo

Makomiti ambiri amabisa malipiro poganiza kuti adzanenerera patsiku la mafunso. Zotsatira zake nzakuti odziwa ntchito salemba, ndipo wosankhidwa amasiya pakati pa nyengo akaona kuti ndalama sizikukwana. Lembani chiwerengero chenicheni ndi tsiku lolandira. Musanachikhazikitse, funsani ku ofesi yoona za ntchito ku Dedza boma kuti malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi angati panopa, popeza boma limawasintha nthawi ndi nthawi.

Lamulo la zolemba ntchito la chaka cha 2000 limati maola ogwira ntchito mwachizolowezi asapitirire 48 pa sabata. Limaletsanso kusankha antchito potengera chipembedzo, mtundu, chipani, ulumali, kukhala pabanja, kapena kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Choncho mawu monga akuti "akhale mnyamata" kapena "akhale wa mpingo wathu" asapezeke m'chidziwitso chanu. Ngati ntchito imafuna kunyamula matumba a makilogalamu 50, nenani zimenezo, wowerenga adziyese yekha.

Zovuta za ntchito musazibise. Ngati malo ake ali kutali ndi msewu wa M1, kapena kulibe nyumba yogona wantchito, nenani poyera. Ndi bwino kuti munthu abwerere powerenga kusiyana nkuti athawe mbewu zili mbwee pakhonde.

Chidziwitso chija chitakonzedwa

Ndalama ndi masiku ali m'munsimu nzachitsanzo chabe.

"KALALIKI WOYEZA NDI KULEMBA MBEWU, KASINA. Kopaletivi yathu ikufuna munthu mmodzi woti alimi azimudalira kuti kilogalamu iliyonse ya soya ndi nyemba zawo yalembedwa molondola. Ntchito ndi ya miyezi inayi, kuyambira Epulo mpaka Julaye.

Ntchito zake: kuyeza mbewu pasikelo, kulemba malisiti, kuwerenga matumba madzulo aliwonse, ndi kupereka lipoti kwa msungichuma Loweruka.

Zofunika: zaka 18 kapena kuposera, kulemba Chichewa chowerengeka, ndi kudziwa masamu a ndalama ndi makilogalamu. Amene anasungapo mabuku a gulu kapena ali ndi MSCE ali ndi mwayi wowonjezera.

Maola: Lolemba mpaka Loweruka, 7:30 m'mawa mpaka 4:30 madzulo, kupuma ola limodzi masana. Malipiro: K150,000 pa mwezi, tsiku lomaliza la mwezi. Nyumba yogona palibe.

Lembani kalata ya tsamba limodzi yofotokoza mabuku amene munasungapo, ndipo mutchule anthu awiri okuchitirani umboni. Iperekeni ku ofesi ya kopaletivi pasanafike 4 koloko madzulo pa 14 Malichi. Osankhidwa adzaitanidwa pa 21 Malichi kudzayesedwa masamu ndi sikelo. Amayi ndi abambo onse alembe. Simulipira kalikonse pofunsira ntchitoyi."

Onani kuti mutu wanena ntchito ndi malo, ndipo chiganizo choyamba chauza wowerenga amene adzadalire ntchito yake. Mayeso otchulidwawo amathandiza pawiri: amabweza ongoyesa mwayi, ndipo amatsimikizira waluso kuti kusankha sikudzayendera chibale. Funso lake lingakhale losavuta, monga lakuti matumba 37 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu angati. Yankho ndi 1,850. Mzere womaliza ngofunika chifukwa akathyali amagwiritsa ntchito zidziwitso zotere pouza anthu kuti atumize ndalama pafoni.

Kofalitsa ndi kudziwa ngati chagwira ntchito

Khomani chidziwitso kumene anthu amene mukuwafuna amapezeka: pamsika wa Linthipe, pafupi ndi chipatala cha Kasina, ndi pasukulu za sekondale zoyendera, mutapempha chilolezo kwa eni malo. Perekaninso makope kwa mafumu, makomiti a chitukuko a m'midzi, ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti kuti alengeze. Ngati mukutumiza pa WhatsApp, lembani mawuwo ngati uthenga, chifukwa chithunzi cha pepala chimadya bandulo ndipo sichiwerengeka bwino pafoni yaing'ono. Perekani masabata awiri, kuti nkhani idutse masiku awiri a msika ndi a mapemphero.

Musanakhome, werengetsani munthu amene sali m'komiti, kenaka mumufunse ntchito yake, malipiro ake ndi tsiku lotsekera. Akakayika pa funso limodzi, konzani mzere umenewo. Makalata akabwera, werenganinso zimene akukuuzani. Akachuluka koma osayenera, ndiye kuti ntchito simunaifotokoze mokwanira. Akabwera awiri okha, mwina zofunika mwazikweza kuposa malipiro, kapena chidziwitso sichinafike kutali. Anthu akamabwera kudzafunsa funso limodzimodzi, yankho lake muliwonjezere papepala tsiku lomwelo.