Ketulo Yogwetsa Buleka Madzi Akamawira

Pali ketulo zina zamagetsi zimene zimayaka bwinobwino madzi akadali ozizira, koma akangoyamba kuwira, buleka imagwa ndipo nyumba yonse imazima. Nthawi zambiri vuto limakhala mu elementi, chitsulo chotenthetsa madzi chija.

Elementi ndi kapaipi kachitsulo. M'kati mwake mumadutsa waya amene amatentha magetsi akamayenda. Pakati pa wayayo ndi kapaipiko pali ufa woyera umene umalola kutentha kudutsa, koma magetsi ayi. Ketulo ikayatsidwa yopanda madzi, kapena ikachita zokangana zoyera za madzi a pamjigo, kapaipi kaja kamatha kuchita mng'alu waung'ono wosaoneka ndi maso. Chitsulo chikatentha chimafufuma, mng'aluwo n'kutseguka. Chinyezi chimalowa mu ufa uja, magetsi n'kupeza njira yofikira ku thupi lachitsulo la ketulo. Kuchoka apo amathawira mu waya wopita m'nthaka, wobiriwira ndi chikasu uja.

M'bokosi la mabuleka, buleka yokhala ndi batani lolembedwa TEST kapena T ndiyo imazindikira magetsi othawa chotere. Zambiri zimagwa akafika mamiliampu 30, omwe ndi ochepa kwambiri, chifukwa ntchito yake ndi kuteteza munthu.

Koma musafulumire kuipeza ketulo ndi mlandu. Ketulo ya mawati 2000 imakoka pafupifupi maampu 9, ndiye ikayaka pamodzi ndi simbi ndi mbaula yamagetsi, buleka wamba ikhoza kugwa chifukwa cha kulemedwa chabe. Zimitsani zonsezo, muyatse ketulo yokha. Ikagwetsabe buleka ya TEST ija, magetsi akuthawa ndithu.

Poyeza, zulani pulagi pakhoma. Siyani ketulo pa chokhalira chake, swichi yake ili yoyatsa. Ikani mita yoyezera magetsi pa maomu. Gunditsani waya umodzi wa mita pa phazi limodzi laling'ono la pulagi, wina pa thupi lachitsulo la ketulo, kenaka muyeze phazi linalo chimodzimodzi. Ketulo yabwino imaonetsa OL, kutanthauza kuti palibe njira. Pakaoneka nambala, ketuloyo yaonongeka.

Mita imeneyi ili ndi malire. Imayeza ndi mphamvu ya batire chabe, choncho ketulo yozizira ikhoza kuonetsa OL pamene ili ndi mng'alu. N'chifukwa chake ndi bwino kuyeza ikadali yotentha. Amisiri a zamagetsi ali ndi mita ina yotumiza mavolti 500, ndipo ketulo ikaonetsa zochepera maomu 1,000,000 amaikana.

Ena amadula waya wa m'nthaka kuti buleka isiye kugwa. Imasiyadi, koma magetsi aja amangodikira pa thupi la ketulo, ndipo woigwira ndi manja onyowa ndiye amasanduka njira yawo. Mng'alu wa elementi sumatidwa. Ketulo zambiri za masiku ano elementi yake ndi yowotcherera pansi, moti n'kofunika kugula ina basi.