Ntchito Yogula ndi Ndalama: Mafunso ndi Mayankho

Kodi chinyengo cholipiritsa anthu ofuna ntchito chimayamba bwanji?

Chimayamba ndi chilengezo chooneka bwino, chokhala ndi dzina ndi chizindikiro cha bungwe lodziwika, chimene akamberembere amachitaya m'magulu a WhatsApp ndi Facebook, podziwa kuti anthu a mtima wabwino adzachifalitsa okha kwa abale awo osowa ntchito. Tiyerekeze kuti chilengezocho chikuti bungwe lina lothandiza anthu likufuna achinyamata 200 olemba kalembera m'midzi, kuti satifiketi ya Fomu 4 ndi yokwanira, kuti malipiro ndi K450,000 pamwezi, ndipo kuti tsiku lotseka ndi mawa. Taonani: ntchito ndi yopepuka, malipiro ndi onona, nthawi ndi yochepa, pakuti wofulumizidwa sapeza mpata wofunsa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nanga ndalama amazipempha motani?

Sazipempha zonse pakamodzi, ndipo apa m'pamene pagona nzeru zawo zoipa. Poyamba amati mutumize K5,000 ya fomu pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndalama imene munthu waludzu la ntchito saiwerengera. Koma anthu 1,000 akatumiza, mbavayo yakolola K5,000,000 isanatuluke n'komwe m'nyumba. Pakapita masiku awiri mumalandira uthenga wokuyamikirani kuti mwasankhidwa, ngakhale palibe amene wakuonani nkhope kapena kukufunsani funso, ndipo uthenga womwewo umapita kwa aliyense amene adalipira, pakuti fomu ija idali chosefera chopatulira anthu okhulupirira msanga. Kenaka akufuna K25,000 yoyezera m'thupi, pambuyo pake K40,000 ya malo ogona pa maphunziro, imene amalumbira kuti idzabwezedwa pamodzi ndi malipiro oyamba. Munthu akafika apa amakhala womangidwa ndi ndalama zake zomwe, chifukwa kuleka ndiko kuvomera kuti zoyamba zija zapita. Chomwecho amakongola kwa mnansi, amagulitsa mbuzi ya amayi ake, kufikira tsiku limene nambala ija ileka kupezeka.

Koma kodi palibe zolipira zoona pofuna ntchito?

Zilipo, ndipo n'chifukwa chake bodzali limakhala ndi mphamvu. Olemba ntchito ena amafunadi kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti mulibe mlandu, kapena ya dokotala. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama zimenezo mumakapereka nokha kupolisi kapena kuchipatala, kumene mumadinda zala kapena kuyezedwa ndi kulandira lisiti. Sizidzera m'manja mwa wokulembani ntchito. Dokotala amene amayeza munthu pafoni sadabadwe. Ngakhale pangano la bungwe la dziko lonse loona za ntchito la ILO, la nambala 181 la chaka cha 1997, lidaika mfundo yakuti makampani opezera anthu ntchito asalipiritse wofuna ntchito, kupatula pamene boma laloleza mwapadera.

Ndingazindikire bwanji ndisanatumize kanthu?

Yang'anani dzina la mwini nambala imene akupatsani, limene limaoneka pafoni potumiza ndalama: bungwe la antchito mazanamazana sililandira ndalama pa nambala ya munthu mmodzi. Yang'ananinso imelo yawo, pakuti bungwe lalikulu limakhala ndi adiresi ya dzina lake, osati yothera ndi gmail.com, imene mwana aliyense angatsegule. Koma koposa zonse, musafunse kwa nambala yolembedwa pa chilengezocho, chifukwa kutero ndi kufunsa wakuba ngati ali wakuba. Pitani nokha ku ofesi ya bungwelo, kapena ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ndipo mlonda wa pachipata yekha angakuuzeni ngati pali ntchito yalengezedwa. Safunsa adadya phula.

Ngati ndatumiza kale, nditani?

Lekani pomwepo, ngakhale akuopsezeni kuti malo anu apatsidwa kwa wina. Musafafanize uthenga wotsimikiza kutumizako, popeza muli nambala yolondolera ndalamazo. Imbirani kampani ya foniyo ola lomwelo, ndipo kanenani kupolisi. Kunena zoona, ndalama zotere sizibwera kawirikawiri, chifukwa amazitapa msanga kwa ejenti ndi kutaya simu khadi. Komabe dandaulo lanu lingatseketse nambalayo ena asanagwemo. Mukauzenso apolisi ngati mudatumiza chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika, pakuti angachigwiritse ntchito polembetsa nambala ina yoberapo anthu m'dzina lanu. Ndipo akakuimbirani wina wodzitcha wapolisi, nanena kuti ndalama zanu zapezeka koma mutumize kangachepe kuti zimasulidwe, dziwani kuti ndi anthu omwe aja, ndipo mudule foni.