Shuga Wakwera Masiku Atatu: Yankho kwa Bambo Omwe Akumwa Mapiritsi

Bambo, uthenga wanu ndaulandira. Mwati m'mawa musanadye kamakina koyezera shuga kaonetsa 265, 290 ndi 280 mg/dL masiku atatu otsatizana, mukumva ludzu kwambiri ndipo mukudzukadzuka usiku kukataya madzi. Manambala amenewa ndi okwera ndithu, chifukwa munthu asanadye timafuna shuga akhale pakati pa 80 ndi 130. Poti mukudya, mukumwa ndipo simukusanza, mutha kugona kunyumba lero, koma mawa m'mawa mubwere kuchipatala.

Choyamba yezaninso. Sambani m'manja ndi sopo ndi kupukuta bwino, chifukwa chala chimene chagwira mango kapena nzimbe chimanamiza kamakina. Onaninso ngati timapepala toyezera sitinathe ntchito. Kenako muziyeza maola anayi alionse masana ndiponso musanagone, n'kumalemba nthawi ndi nambala yake.

Imwani madzi ambiri, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, chifukwa shuga akakwera amatuluka mumkodzo n'kukoka madzi a m'thupi. Thobwa, zakumwa zotsekemera ndi tiyi wothira shuga musiye. Osadzimana chakudya: chepetsani nsima, muchulukitse ndiwo zamasamba.

Metifomini ndi gilibenikilamaidi mumwe monga tinakulemberani. Musaonjezere mapiritsi panokha, ngakhale mutakumbukira kuti tsiku lina munaiwala kumwa. Gilibenikilamaidi akachuluka amatsitsa shuga mopitirira. Mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kapena kamakina kakaonetsa nambala yosafika 70, sungunulani masupuni ang'onoang'ono atatu a shuga m'madzi, mumwe, muyezenso pakatha mphindi 15, ndipo mudye kanthu.

Mawa tikafufuza chimene chamukweza. Kawirikawiri amakhala matenda ena monga malungo, chilonda chakuphazi kapena kuwotcha pokodza, apo ayi mankhwala ngati puledinisoloni. Mutenge buku lanu la kuchipatala, kamakina, manambala mwalembawo ndi mankhwala onse amene mukumwa, azitsamba omwe.

Koma musadikire mawa, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, mukaona chimodzi mwa izi:

- kusanza kapena kutsegula m'mimba moti madzi sakukhazikika. Zikatere metifomini musamwenso mpaka adokotala akuoneni
- kupweteka kwambiri m'mimba kapena pachifuwa
- kupuma mothamanga ndi mozama, kapena mpweya wa m'kamwa kununkhira ngati zipatso zakupsa kwambiri
- kufooka, kusinzasinza kapena kuyankhula zosokonekera
- kutentha thupi, kapena phazi kutupa ndi kutuluka mafinya
- kamakina kuonetsa kuposa 360, kapena kulemba HI, mutayeza kawiri

Uthengawu muwaonetse mayi a kunyumba, chifukwa munthu akayamba kusokonezeka sadzidziwa yekha. Usiku uno musagone nokha, ndipo mukonzeretu choyendera. Mukakomoka, asakuthireni kanthu m'kamwa: akugonekeni cham'mbali n'kuthamanga nanu kuchipatala. Zizindikiro zimenezi zikayamba, musadikire yankho langa pafoni, nyamukani.