Digiri ya zaulimi: njira zinayi zomwe wophunzira angasankhe

Makolo ambiri m'mawodi athu ali ndi ana amene akuphunzira zaulimi ku Bunda, pansi pa sukulu ya ukachenjede ya LUANAR. Pofika chaka chachitatu, wophunzira amayenera kudziwa komwe akulowera, chifukwa kafukufuku wake womaliza ndi malo okaphunzirirako ntchito ndiwo amatsegula khomo loyamba. Tiyeni tione njira zinayi poyang'ana vuto limodzi: chuku cha mu mtedza, chomwe chimabala poizoni woononga chiwindi ndi kutsekereza misika yakunja.

Wofufuza, monga a ku Chitedze, amafunsa chimene chimabweretsa chuku. Amabzala mitundu ingapo ya mtedza m'timinda toyeserera, nabwereza kwa zaka zingapo, popeza mvula ya chaka chimodzi imanamiza. Ntchitoyi imafuna masamu, kulemba ndi kuleza mtima. Digiri yoyamba imangomulowetsa ngati wothandizira. Kuti atsogolere kafukufuku, ayenera kupitiriza maphunziro.

Mlangizi amatenga zomwe zapezekazo n'kupita nazo kwa alimi. Amadziwa kuti ambiri amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, ndipo chinyezi chimenecho ndicho chimakulitsa chuku. Kuletsa kokha sikuthandiza, choncho amakonza munda wachitsanzo ndi kuphunzitsa alimi otsogola. Malipiro ake ndi okhazikika, koma dera limakula ndipo mayendedwe amavuta. Amene satha kumvetsera anthu asasankhe njirayi.

Wa bizinesi ya zaulimi amaliona vutoli m'thumba. Tiyerekeze kuti wagula makilogalamu 100 a mtedza wosaswa. Akaswa amatsala ndi pafupifupi 70, ndipo akachotsa makilogalamu 10 ofwapa ndi achuku, ogulitsa amakhala 60. Ngati anawerengera phindu pa 70, waluza asanalipire galimoto. Phindu likhoza kuposa malipiro a m'boma, koma pamafunika mpamba, ndipo palibe womubwezera zikavuta.

Woyang'anira famu amateteza mbewu isanachoke m'munda. Pobzala CG7 m'mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando masentimita 15, amayembekezera mapando pafupifupi 89,000 pa hekitala. Amaonetsetsa kuti abzala ndi mvula yoyamba, kuti mtedza usakhwimire m'chilala, ndiponso kuti aganyu akumba pa nthawi yake ndi kuumitsa bwino. Amakhala pa famu pomwepo, ndipo mwini famu amamuweruza ndi zokolola basi.

Choncho wophunzira adzifunse kuti angapirire chiyani: kudikira zaka, kuyenda m'midzi, kuika ndalama pachiswe, kapena kuyankhira ntchito ya anthu ena. Pa tchuthi chikubwerachi, akhale masabata awiri ndi munthu wogwira ntchito imene akuifuna. Makolo, mwana wanu akafuna kuona ntchito ya ulangizi, mutumizeni ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu akacheze ndi alangizi.