Mwezi wa pa sikirini ukamanamiza ana: makalata a aphunzitsi okonza makanema a phunziro

Woulutsa: Makalata a sabata ino achokera kwa aphunzitsi okhaokha, ndipo onse akufunsa za timakanema tofotokozera phunziro, tija topangidwa ndi zozungulira, mizere ndi mivi yoyenda. Mayi amene tili nawo muno amaphunzitsa aphunzitsi ntchito imeneyi. Takulandirani Mayi. Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wophunzitsa sayansi ku Dedza. Iwo akuti: "Ndinapanga kanema wa kasinthidwe ka mwezi pa PowerPoint. Mwezi ukuzungulira dziko bwinobwino, koma mnzanga wandiuza kuti kanemayo akuphunzitsa bodza. Walakwika pati?"

Katswiri: Zikomo. Aphunzitsi a ku Dedza, kanema wanuyo sindinamuone, koma ndikukayikira kuti munagwiritsa ntchito Spin. Anthu ambiri amatero. Amamanga mwezi pamodzi ndi chozungulira chachikulu chosaoneka, n'kulamula gulu lonselo kuti lizungulire. Mwezi umayendadi, koma umatembenuka pamodzi ndi gululo, ndiye theka lowala lija limayang'ana kwina kulikonse. Ukafika kuseri kwa dziko, mbali yowala imakhala itafulatira dzuwa. Mwana woonetsetsa aganiza kuti mwezi uli ndi mbali yake yowala yokha, pamene phunziro lonse lagona pa mfundo imodzi: theka loyang'ana dzuwa ndi limene limawala nthawi zonse, chimene chimasintha ndi gawo la thekalo limene ife padziko tikuliona.

Tiyeni timange kanemayu kuyambira poyamba. Tengani silaidi yakuda. Pamwamba penipeni ikani chozungulira chachikulu chachikasu, chingotulukira pang'ono m'mphepete, limenelo ndi dzuwa. Pojambula gwirani batani la Shift kuti chisatuluke ngati dzira. Chapakati ikani chabuluu, dziko. Mwezi muupange ndi zidutswa ziwiri, chozungulira choyera ndi theka lotuwa kwambiri lophimba mbali ya m'munsi. Thekalo mumalipeza poika bokosi pamwamba pa chozungulira china, n'kusankha chozunguliracho poyamba, bokosi pambuyo, kenako Merge Shapes ndi Subtract. Mukatero mangani ziwirizo ndi Ctrl+G, n'kuika mweziwo pakati pa dzuwa ndi dziko.

Tsopano m'malo mwa Spin pitani pa Animations, Add Animation, ndipo pansi pa Motion Paths sankhani Shapes. Patuluka njira yozungulira. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti imanyamula chinthu osachitembenuza, choncho mbali yoyera ikhala ikuyang'ana kumwamba, kumene kuli dzuwa, ulendo wonse. Kokani njirayo mpaka dziko likhale pakatikati pake, koma onetsetsani kuti kachizindikiro kobiriwira koyambira kali pakati pa mwezi. Kakasuntha, mwezi umadumpha kanema akangoyamba.

Woulutsa: Nanga liwiro lake? M'kalata yomweyi akudandaulanso kuti mwezi ukuyamba mwaulesi, n'kuthamanga pakati, n'kuzizira kumapeto.

Katswiri: Ndi momwe pulogalamuyo imabwerera. Tsegulani Animation Pane, dinani kawiri pa mzere wa njirayo, ndipo Smooth start ndi Smooth end muziike pa 0. Pa Duration lembani masekondi 16. Nambala imeneyi ndimaikonda chifukwa imagawika bwino. Pa sekondi 0 mwezi uli mumdima, pa 4 ndi theka, pa 8 ndi wathunthu, pa 12 ndi theka linalo, pa 16 wabwerera. Masekondi 16 amenewa akuimira masiku pafupifupi 29 ndi theka, kuchokera mdima umodzi kufika wina.

Kumbali kwa silaidi siyani malo a bokosi lolembedwa kuti "Zimene tikuona ife". M'menemo sanjikizani zithunzi zisanu ndi zitatu za mwezi monga umaonekera kumwamba. Chilichonse chipatseni Appear, Start ikhale With Previous, ndipo Delay izikwera ndi masekondi awiri: 0, 2, 4, 6 mpaka 14. Chithunzi chilichonse chikhale ndi kumbuyo kwakuda kuti chiphimbe chinzake chapansi. Mwana akamaona mwezi ukuyenda uku, bokosilo likusintha uku, mfundo imalowa yokha.

Pali zinthu ziwiri zoti muwonjezere ndi pakamwa, chifukwa chithunzi chafulati sichingazinene. Pa sekondi 8 mwezi uoneka uli kuseri kwenikweni kwa dziko, ndipo mwana wochenjera afunsa kuti bwanji kadamsana sachitika mwezi uliwonse. Yankho ndi lakuti njira ya mwezi ndi yopendekeka ndi madigiri pafupifupi 5, motero nthawi zambiri umadutsa pamwamba kapena pansi pa mthunzi wa dziko. Chachiwiri, musakopere zithunzi za m'mabuku a ku Ulaya osaganiza. Kumeneko mwezi ukangokhala umawala kudzanja lamanja. Kuno kumwera kwa ikweta, ndiponso pafupi nayo, mwezi watsopano timauona madzulo chakumadzulo ukuwala cham'munsi, mbali imene dzuwa lalowera. Jambulani umene ana adzauone akatuluka panja.

Woulutsa: Kalata yachiwiri ndi ya mayi wa ku Mzimba. "Mawu anga ndi zithunzi sizikugwirizana. Ndikamati mwezi wathunthu, pa sikirini wadutsa kale."

Katswiri: Amayi, munayamba ndi zithunzi, mawu n'kubwera pambuyo. Tembenuzani. Lembani kaye zonse zimene munene, chiganizo chimodzi pa mzere umodzi, muwerenge mokweza mukujambula mawu pafoni. Kenako mverani muli ndi cholembera, muzilemba sekondi imene chiganizo chilichonse chikuyambira. Ngati mawu akuti "apa ndi wathunthu" akugwera pa sekondi 20, ndiye kuti theka la ulendo ndi masekondi 20, ulendo wonse 40, ndipo zithunzi za m'bokosi zizisiyana ndi masekondi asanu. Zithunzi n'zosavuta kuzikoka kapena kuzifupikitsa, koma mawu a munthu akathamangitsidwa ana samva. Musatengenso nthawi ya kanema wa Chingerezi n'kufuna kuthiramo Chichewa, ziganizo zathu zimafuna mpata wake.

Kufotokoza kukatalika, gawani phunzirolo pa masilaidi angapo. Mawuwo alowetseni ndi Insert, Audio, ndipo muwaike pamwamba penipeni mu Animation Pane, zina zonse zikhale With Previous. Mukasiyapo chinthu pa On Click, nthawi yake idalira dzanja lanu, ndipo kusemphana kuja kubwereranso.

Pojambula mawu lowani m'chipinda chokhala ndi makatani kapena zovala zambiri, foni italikire pakamwa ngati chikhatho chimodzi. M'kalasi yopanda anthu mawu amabwerera kuchokera kumakoma ndi kumalata. Nyimbo yapansi ine sindiikamo konse. Pa kasipika kakang'ono kutsogolo kwa kalasi yodzaza, nyimbo imangodya mawu a mphunzitsi.

Woulutsa: Apa pali funso limene ndikuganiza kuti ndi la ambiri. Bambo wa ku Nsanje akuti sukulu yawo ilibe kompyuta, iwo ali ndi foni yokha. Asiye?

Katswiri: Ayi, atenge sizasi. Dulani dzuwa, dziko ndi mwezi pa mapepala amitundu, muziyale pa pepala lalikulu lakuda. Foni igone pampando kapena pa thabwa lotsamira milu iwiri ya mabuku, kamera ikuyang'ana pansi, ndipo muimange kuti isagwedezeke. Pulogalamu yotchedwa Stop Motion Studio imajambula chithunzi chimodzichimodzi n'kuzilumikiza kukhala kanema, ndipo imatha kuonetsa chithunzi chapitacho mwachizimezime kuti muone pamene munasiyira.

Masamu ake ndi awa. Njira yozungulira ili ndi madigiri 360. Lembani timadontho ta pensulo pa madigiri asanu alionse ndi pulotalakita ya m'bokosi la masamu, tikhala timadontho 72. Sunthani mwezi kadontho kamodzi, chotsani dzanja, jambulani, sunthaninso. Zithunzi 72 zikamayenda zisanu ndi chimodzi pa sekondi zikupatsani masekondi 12. Mukafuna kuyenda kosalala, onjezani timadontho pakatipakati kuti zithunzi zikhale 144, ziziyenda 12 pa sekondi, nthawi ikhala yomweyo. Lamulo lija la ku Dedza likugwiranso ntchito pano: posuntha kapepala musakatembenuze, mbali yoyera iyang'anebe dzuwa.

Chimene chimawononga makanema otere ndi kuwala. Mukajambulira pawindo, mtambo ukadutsa zithunzi zina zimada, ndipo kanemayo amaphethira. Jambulani pamthunzi wokhazikika kapena usiku ndi nyali imodzi yosasuntha, ndipo kuwala kwa kamera mukutseke pamlingo umodzi kuti isamasinthe yokha. Mthunzi wanu nawo uziuyang'anira, muziima malo amodzi pojambula. Ntchito imeneyi ana angathe kuigwira okha m'magulu, wina wosuntha, wina wojambula, wina wowerenga timadontho, ndipo wosuntha uja sadzaiwala mbali imene mwezi umawala.

Woulutsa: Nthawi yatithera, koma tiyankhe mwachidule mayi wa ku Kasungu. Akuti kanema wawo akafika m'mafoni a makolo pa WhatsApp, zolemba siziwerengeka.

Katswiri: Pali zifukwa ziwiri. WhatsApp imafinya kanema wotumizidwa mwachizolowezi kuti achepe, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi zilembo zing'onozing'ono ndi mizere yopyapyala. Mutumizeni ngati Document, afika momwe alili, kungoti adya bandulo yochulukirapo. Potulutsa kanema pitani pa File, Export, Create a Video, sankhani HD (720p), yakwana pafoni ngakhale pa pulojekita ya kalasi. Chifukwa chachiwiri ndi zolembazo. Ine sinditsika pansi pa 28 pa kukula kwa zilembo, ndipo pa sikirini ndimangolemba mayina a zinthu, "dzuwa", "dziko", "mwezi", osati ziganizo zimene pakamwa pakunena kale. Musanatumize kwa makolo, dzitumizireni nokha, mutsegule pa foni yaing'ono kwambiri imene mungaipeze, mutambasule mkono. Chimene simungathe kuwerenga pamenepo chikulitseni kapena chichotseni.

Woulutsa: Kalata ya ku Mangochi yofunsa za kuonetsa kayendedwe ka magazi mumtima tiyamba nayo sabata yamawa.