Kuchokera pa oda mpaka ndalama

Mu holoselo yaikulu, oda, katundu wa m'sitoko ndi ngongole za makasitomala zimalembedwa m'pulogalamu imodzi ya pakompyuta yotchedwa ERP. Kalaliki akalemba chinthu kamodzi, wa kusitoko ndi wowerengera ndalama amachiona pompo.

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi golosale ku Nyimba ndipo amapikula ku holoselo ya ku Petauke. Waimba foni kuti akufuna makatoni 20 a sopo, katoni imodzi K250. Kalaliki akalemba odayo, kompyuta imawerengetsa K5,000 n'kuwonjezera msonkho wa VAT wa 16 peresenti, womwe ndi K800. Zonse pamodzi ndi K5,800.

Katundu asanatuluke, kompyuta imayang'ana ngati sopoyo alipo m'sitoko. Imayang'ananso ngongole ya mayiyo. Holoselo inamuikira malire a K10,000, ndipo ali kale ndi ngongole ya K4,000. Kuphatikiza ndi oda yatsopanoyi zikukwana K9,800, choncho oda yadutsa. Akanapempha makatoni 21, ikanaima mpaka bwana avomereze.

Wa kusitoko amatulutsa makatoniwo, sitoko ya m'kompyuta n'kuchepa ndi 20. Ofesi imatulutsa invoisi, pepala losonyeza ndalama zoti alipire ndi tsiku lomaliza kulipira. Ku Zambia, kuyambira 2024, wamalonda wolembetsa VAT amatulutsa invoisi kudzera mu Smart Invoice ya ZRA, choncho invoisi ikatuluka siifufutidwa mwachisawawa.

Lole yafika ku Nyimba kudzera mumsewu wa Great East, koma katoni imodzi yanyowa ndi mvula. Mayi asasaine msanga ayi. Alembe pa pepala la dalaiva kuti walandira 19 ndipo imodzi yabwerera. Pepala limeneli likafika ku Petauke, ofesi imalemba kirediti noti yochotsa K290, ndiye kuti K250 ya sopo ndi K40 ya msonkho. Pa invoisi patsala K5,510. Mawu apakamwa okha, akuti «ndinamuuza dalaiva», kompyuta siiwadziwa.

Zambiri zimasokonekera polipira. Mayi watumiza K5,510 pa Airtel Money, koma pa foni ya mwana wake, osatchula nambala ya invoisi. Ndalama zafika ndithu, koma kalaliki sakudziwa mwini wake, ndiye zangokhala pambali. M'kompyuta mayi akuonekabe ndi ngongole ya K9,510, ndipo oda yake yotsatira ingathe kuima ngakhale analipira. Kalaliki wosamala amaona vutoli akamayerekeza ndalama zolowa ndi mndandanda wa ngongole tsiku lililonse. Mayi akamutumizira uthenga wa malipirowo ndi nambala ya invoisi, iye amalumikiza ziwirizi, invoisi imatsekedwa, ngongole n'kubwerera pa K4,000.

Mafunso

Akanapempha makatoni 21, ngongole yonse ikanakwana zingati?

Invoisi itatsekedwa, mayi angatenge katundu wa ndalama zingati asanafike pa malire ake?