Kupempha Chilolezo kwa Mwini Kanema Musanalembe Mawu Ake

Mawu oyamba

Wophunzira chiyankhulo amafuna mawu amene munthu wayankhula mwachibadwa, osati ziganizo zochita kupeka. Masiku ano mawu otere timawapeza m'makanema amene anthu amaika pa YouTube ndi pa Facebook. Komabe kanema amene aliyense angathe kuonera ali ndi mwini wake. M'chimangirizo chino ndifotokoza chifukwa chake timapempha chilolezo, amene tiyenera kumupempha, ndiponso zimene uthenga wopempha uyenera kukhala nazo. Chitsanzo changa ndi uthenga umene ndinalemba pochita kafukufuku wa mvekero.

Kubwereza mawu ndi kulemba nkhani yonse

Pali ntchito ziwiri zimene ophunzira timazisokoneza. Yoyamba ndi kubwereza ziganizo zochepa za munthu pofuna kutsimikiza mfundo. Yachiwiri ndi kumvetsera nkhani yake ndi kuilemba yonse, kapena chigawo chachikulu, liwu ndi liwu.

Pangano la Berne loteteza umwini wa ntchito zaluso, limene dziko la Malawi linalowamo mu 1991, limalola kubwereza mawu a m'ntchito imene inaperekedwa kale kwa anthu mwalamulo. Koma mawuwo asapitirire pa zimene mfundo ikufuna, ndipo wobwerezayo atchule kumene wawatenga ndi dzina la mwini wake. Kuno kwathu nkhanizi zili m'lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989. Kulemba chigawo chachitali n'kuchiika kumapeto kwa chimangirizo ndi nkhani ina, pakuti kumeneko ndi kukopera ntchito ya munthu, ngakhale yachoka m'kanema n'kupita papepala.

Palinso chifukwa china choposa lamulo. Munthu akamayankhula amadodoma, amabwereza mawu, amasiyira chiganizo panjira. M'kanema zimenezi zimangodutsa, koma papepala zimakhalitsa, ndipo zingathe kumuchititsa manyazi pamaso pa anthu amene amamulemekeza.

Tipemphe yani?

Kanema mmodzi angathe kukhala ndi eni ake atatu: woyankhula, wojambula, ndi amene anamuika pa intaneti. Mawu ndi a woyankhula, pamene zithunzi ndi za wojambula kapena bungwe limene linamutuma. Amene anangolandira kanema pa WhatsApp n'kumuika pa tsamba lake alibe mphamvu yopereka chilolezo. Chizindikiro chake n'chakuti makanema a pa tsambalo amakhala a anthu osiyanasiyana, ndipo safotokoza tsiku ndi malo amene anajambulidwa.

Pa YouTube mwini kanema amasankha pakati pa Standard YouTube License ndi Creative Commons Attribution. Chachiwirichi chimalola ena kugwiritsa ntchito kanemayo malinga atchule mwini wake. Komabe chimagwira ntchito pokhapokha ngati woikayo ndi mwini weniweni, ndipo sichikutiuza ngati woyankhula akudziwa kuti mawu ake adzasanthulidwa.

Chitsanzo cha uthenga

Kanema amene ndinasankha ndi wa mphindi 38. Mphunzitsi wina wopuma pantchito akufotokozera achinyamata za kukamba nthano, ndipo kanemayo ali pa tsamba lake. Mvekero monga zii, mbee ndi psuu zikupezeka zambiri kuyambira pa 12:10 mpaka pa 19:40, pamene akukamba nthano imodzi. Uthenga wanga unali wotere:

"Okondedwa Bambo,

"Ndine wophunzira chiyankhulo ndi zolembalemba pa yunivesite, ndipo ndikulemba chimangirizo chokhudza mvekero m'Chichewa choyankhula. Ndaonera nkhani yanu ya kakambidwe ka nthano, ndipo ndikupempha chilolezo pa zinthu ziwiri.

"Choyamba, ndikufuna kulemba mawu anu onse kuyambira pa 12:10 mpaka pa 19:40, zomwe ndi mphindi zisanu ndi ziwiri ndi theka. Zolembedwazi tidzaziona ine ndi aphunzitsi anga okha. Chachiwiri, ndikufuna kubwereza ziganizo zanu zisanu ndi zinayi m'chimangirizocho, chimene mwina chidzasindikizidwa m'buku la zolemba za ophunzira. Sindidzalandirapo ndalama.

"Ndidzalemba monga momwe munayankhulira, osakonza pamene munabwereza mawu kapena kupuma, chifukwa zimenezo n'zimene ndikufufuza. Ndidzakutumizirani ziganizozo kuti muzione ndisanapereke ntchito yanga. Mundiuze ngati mukufuna kuti nditchule dzina lanu kapena ayi. Mafunso a achinyamata amene akumveka m'kanemayo sindidzawalemba.

"Ngati anajambula kanemayu ndi munthu wina, chonde mundiuze kuti nayenso ndimudziwitse. Ntchitoyi ndikuyenera kuipereka pakatha milungu isanu ndi umodzi, choncho ndingathokoze mutandiyankha m'milungu iwiri. Mukakana ndidzamvetsa ndipo sindidzalemba chigawocho.

"Ine wanu, wophunzira."

Kusanthula uthengawu

Mapempho awiri aja ndinawalekanitsa dala kuti bamboyo athe kuvomera limodzi ndi kukana lina. Wina angalole kuti mulembe mawu ake pophunzira koma osafuna kuti asindikizidwe. Nthawi ndinaitchula mpaka masekondi kuti akaonenso chigawocho asanayankhe, pakuti munthu sakumbukira zonse zimene ananena m'mphindi 38.

Ndime yachitatu ndiyo yofunika kwambiri kwa ife a chiyankhulo. Pamalo ena bamboyo anati: "Ndiye kalulu uja, eee, kalulu uja adangoti zii, zii." Wolemba nkhani m'nyuzi angachotse "eee" ndi kubwerezako. Ine sindingatero, chifukwa kubwereza mvekero ndi njira yoikulitsira tanthauzo. Sindingasinthenso "adangoti" kukhala "anangoti", popeza kusankha -da- kapena -na- ndi mbali ya mayankhulidwe ake. Mphunzitsi amene wakhala zaka zambiri akukonza Chichewa cha ana ayenera kudziwiratu kuti chake sichidzakonzedwa.

Lonjezo lomutumizira ziganizo lili ndi malire ake. Iye angathe kundiuza pamene sindinamve bwino, kapena kupempha kuti chiganizo china chichotsedwe. Koma akachilembanso mwatsopano, sichikhalanso umboni wa Chichewa choyankhula, ndipo chofunika ndi kuchisiya.

Pa za dzina, tisalonjeze chinsinsi chimene sitingasunge. Kanema ali poyera, ndipo amene anamuonera angazindikire woyankhula ngakhale dzina litabisidwa. Komanso kumene lamulo likufuna kuti mwini mawu atchulidwe, kubisa dzina kuchitike pokhapokha iye mwini atapempha.

Mayankho ndi tanthauzo lake

Bamboyo anayankha pakutha pa masiku asanu kuti: "Palibe vuto mwanawe, pitirizani." Yankho lotere ndi lokoma koma silikwanira, chifukwa silikunena ngati wavomera mapempho onse awiri, ndipo za dzina silinakhudzepo. Ndinawalemberanso mizere itatu yofunsa kuti atsimikize chimodzichimodzi. Apo anavomera zonse, analola kuti dzina litchulidwe, nanena kuti wojambula anali mphwawo. Nayenso ndinamulembera ndipo anavomera. Mayankhowa ndinawasunga pamodzi ndi masiku ake, pakuti kanema angathe kuchotsedwa pa tsamba nthawi ina iliyonse. Chilolezo chikaperekedwa pafoni, ndi bwino kulemba zimene mwagwirizana ndi kumutumizira munthuyo kuti avomereze.

Mwini kanema akapanda kuyankha, kukhala chete kwake si chilolezo. Mukumbutseni kamodzi pakapita milungu iwiri. Akakhalabe chete, musaike chigawo cholembedwacho m'ntchito yanu. Kambiranani ndi aphunzitsi ngati ziganizo ziwiri kapena zitatu, zotchulidwa kumene zachokera, zingakwanire. Akakana poyera, funani kanema wina.

Pomaliza

Uthenga wabwino wopempha chilolezo umanena chigawo chimene mukufuna, kuchuluka kwa mawu obwerezedwa, kumene adzaonekere, ndi momwe adzalembedwere. Utumizidwe musanayambe kulemba mawuwo, chifukwa mphindi zochepa za kanema zimadya maola angapo kuzilemba molondola, ndipo mwini wake akakana, maola onsewo apita pachabe.